Phunziro: Kusankha Pakati pa *Affect* ndi *Effect* Podzaza Mipata m'Ziganizo

Pa mayeso a Chingerezi pamabwera mafunso omwe amakupatsani chiganizo chokhala ndi mpata, inu n'kusankha mawu oyenera kulowa pampatapo. Ambiri mwa mafunsowa savuta. Ovuta ndi aja omwe mawu awiri osankhapo amafanana kalembedwe ndi kamvekedwe, monga *affect* ndi *effect*, *advice* ndi *advise*, kapena *lose* ndi *loose*. Wolemba mayeso amaika mawuwa dala moyandikana chifukwa akudziwa kuti wophunzira wodalira khutu lokha agwa. Ndipo poti satifiketi ya MSCE munthu salandira ngati sanakhoze Chingerezi, malikisi otayika pa mafunso aafupi ngati amenewa amapweteka.

Lero tikhala nthawi yaitali pa *affect* ndi *effect*. Mukamvetsa njira yoyankhira awiriwa, enawo tingowadutsa mwachangu.

Chifukwa chake khutu silithandiza

M'mawu onse awiri, mphamvu ya liwu imagwera pa phatikizo lachiwiri, *-fect*. Lembo loyamba, kaya ndi *a* kaya ndi *e*, limatchulidwa mopepuka kwambiri moti eni chiyankhulocho akamayankhula mofulumira mawuwa amamveka pafupifupi chimodzimodzi. N'chifukwa chake nawonso amawasokoneza polemba. Choncho musataye nthawi kuwerenga chiganizo chamumtima kawirikawiri n'cholinga choti mumve lomwe "likukoma". Onse awiri akoma.

Matanthauzo awonso ndi oyandikana, popeza onse amanena za chinthu china chimene chikusintha chinzake. Mawuwa anachokera ku Chilatini, ku mneni mmodzi, *facere*, wotanthauza kuchita kapena kupanga. *Affect* ali ndi kachidutswa *ad-* koyambirira, kotanthauza kulunjika pa chinthu, pomwe *effect* ali ndi *ex-*, kotanthauza kutuluka. Woyambayo ndi kuchita kanthu pa chinthu china. Wachiwiriyo ndi chimene chatuluka m'kuchitako. Sungani mfundo imeneyi, tidzaifuna kutsogoloku.

Yambani ndi mpata, mawu pambuyo

Kusiyana kwenikweni kuli pa ntchito ya mawuwa m'chiganizo. Nthawi zambiri *affect* ndi mneni, wotanthauza kukhudza kapena kusintha chinthu. *Effect* nthawi zambiri ndi dzina, lotanthauza zotsatira. Ndiye funso loyamba lodzifunsa lisakhale lakuti "mawuwa akutanthauza chiyani?" koma lakuti "pampata apa pakufunika dzina kapena mneni?" Phimbani mayankho ndi chala kaye, muyang'ane mawu omwe ali kumanzere ndi kumanja kwa mpatawo.

Tiyeni tione chiganizo choyamba:

*The heavy rains will ______ the harvest.*

Kumanzere kwa mpata kuli *will*. Mawu othandizira monga *will*, *can*, *may*, *must* ndi *did not* amatsatidwa ndi mneni. Kumanja kuli *the harvest*, zokolola, zomwe ndi pamtherankhani, chinthu chimene chikuchitiridwa kanthu. Komanso tikafufuza chiganizo chonse sitipezamo mneni wina wonena zomwe mvulayo ichite. Zizindikiro zitatu zonsezi zikuloza kumodzi: pakufunika mneni, ndipo yankho ndi *affect*.

Chiganizo chachiwiri ndi ichi:

*The new fertiliser had a good ______ on the maize.*

Apa mneni alipo kale, ndi *had*. Kumanzere kwa mpata kuli *a good*. Timawu *a*, *an* ndi *the* timatsogolera dzina, ndipo *good* ndi mfotokozi yemwe akudikira dzina loti alifotokoze. Ophunzira ena amangoyang'ana liwu limodzi loyandikana ndi mpata, akaona kuti si *a* kapena *the* n'kuganiza kuti palibe chizindikiro. Bwererani m'mbuyo mawu awiri kapena atatu, chifukwa afotokozi amakonda kulowa pakati. Yankho ndi *effect*.

M'chiganizo chomwechi muli chizindikiro china champhamvu kwambiri, kaliwu *on* kamene kali kumanja kwa mpata. Dzina *effect* limayenda ndi mperekezi *on* likamatchula chinthu chokhudzidwa: *an effect on the maize*. Mneni *affect* safuna mperekezi, amalunjika pa chinthucho mwachindunji: *it affected the maize*. Wolemba kuti *the noise affects on my studies* walakwa, ngakhale wasankha mneni woyenera. Choncho mukaona *on* atatsatana ndi mpata, kawirikawiri yankho ndi *effect*.

Pali njira yotsimikizira yankho yomwe ife oyankhula Chichewa tili nayo mosavuta. M'chiyankhulo chathu mneni ndi dzina za nkhaniyi sizifanana n'komwe: "kukhudza" ndi "zotsatira". Masulirani chiganizocho mumtima, muone lomwe likulowa. "Mvula yamphamvu idzakhudza zokolola" ikumveka bwino, pomwe "mvula yamphamvu idzazotsatira zokolola" si Chichewa. "Feteleza watsopanoyu anali ndi zotsatira zabwino pa chimanga" ikumveka bwino. Ngati "kukhudza" walowa, lembani *affect*. Ngati "zotsatira" zalowa, lembani *effect*. Njira imeneyi ndimaikhulupirira kuposa zina zonse zomwe nditchule pansipa, chifukwa imakukakamizani kumvetsa chiganizo chonse.

Kusankha liwu sikukwanira, onaninso mathero ake

Mafunso ambiri amakhala ndi mayankho anayi, monga *affect*, *effect*, *affected* ndi *effects*. Mukadziwa kuti pakufunika mneni kapena dzina, ntchito yatha theka. Taonani ichi:

*Cyclone Freddy ______ many districts in the Southern Region in March 2023.*

Mwininkhani ndi namondwe Freddy, pamtherankhani ndi maboma ambiri a m'chigawo chakummwera, ndipo mneni palibe. Ndiye tikufuna *affect*. Koma chiganizochi chatchula Malichi 2023, nthawi yomwe inapita kale, kotero mneniyo ayenera kukhala wa nthawi yakale: *affected*.

Nachi china:

*The ______ of the medicine were felt after an hour.*

*The* kumanzere ndi *of* kumanja zikusonyeza dzina. Koma kodi ndi *effect* kapena *effects*? Pitani kwa mneni. Walembedwa *were*, osati *was*, kutanthauza kuti mwininkhani ndi zinthu zambiri. Yankho ndi *effects*. Liwu *medicine* lomwe lili pafupi ndi mneniyo lisakusocheretseni, chifukwa mwininkhani si mankhwalawo koma zotsatira zake.

Tsono pali msampha umodzi umene umakola ngakhale ophunzira anzeru, makamaka omwe aloweza kuti "ukaona *the* lemba *effect*":

*Food was sent to the ______ areas.*

*The* alipodi, koma dzina lomwe akulitsogolera lilipo kale kumanja, *areas*, madera. Mpatawo uli pakati pa *the* ndi dzina, malo a mfotokozi. Madera otani? Madera okhudzidwa. Yankho ndi *affected*, mneni amene wasanduka mfotokozi. Apa mpomwe muonere kufunika koyang'ana mbali zonse ziwiri za mpata.

Njira zokumbukira

Yodziwika kwambiri ndi liwu la Chingerezi *RAVEN*, dzina la mbalame ya mtundu wa khwangwala. Malembo ake amaimira *Remember: Affect Verb, Effect Noun*, kutanthauza kuti kumbukira, *affect* ndi mneni, *effect* ndi dzina. Mukalowa m'chipinda cha mayeso mutha kulemba malembo asanuwa m'mphepete mwa pepala la mafunso ngati malamulo akulola.

Ina ndi yoyang'ana lembo loyamba. *Affect* amayamba ndi *a* ngati *action*, kuchita. *Effect* amayamba ndi *e* ngati *end*, mathero. Kuchita kumayamba, zotsatira zimabwera pambuyo, monga momwe *a* amayambira *e* asanafike tikamatchula a, e, i, o, u. Yachitatu ndi yaifupi: *the* amathera ndi *e*, *effect* amayamba ndi *e*, ndiye awiriwa amagwirana manja, *the effect*. Koma mwaona kale pa chiganizo cha *areas* chija kuti njira yachitatuyi ili ndi malire.

Sankhanipo imodzi yokha. Wophunzira woloweza zonse zitatu pamodzi ndi zina zomwe anamva kwa anzake amafika pa mayeso akukumbukira kuti kunali mbalame inayake, koma osadziwa kuti *V* amaimira chiyani. Dziwaninso kuti njira zimenezi zimangokuuzani liwu lomwe ndi mneni ndi lomwe ndi dzina. Sizikuuzani chimene mpata ukufuna. Ntchito imeneyo ndi ya maso anu.

Pamene *effect* amakhala mneni

Ndanena kuti "nthawi zambiri" mwadala, chifukwa *effect* amathanso kukhala mneni, ndipo olemba mayeso amakudziwa bwino kumeneku. Akakhala mneni satanthauza kukhudza, koma kuchititsa kuti chinthu chomwe panalibe chikhalepo. Kumbukirani kachidutswa *ex-* kaja, kutulutsa. Onani:

*The new headteacher wants to ______ changes in the timetable.*

Pambuyo pa *wants to* pakufunika mneni, ndipo wodalira khwangwala uja alemba *affect* mosaganizanso. Koma yesani Chichewa: "Mphunzitsi wamkulu watsopanoyu akufuna kukhudza kusintha pa ndondomeko ya maphunziro." Sizikumveka. Zomwe akufuna ndi kubweretsa kusinthako, komwe pakadali pano kulibe. Yankho ndi *effect*.

Funso lothandiza ndi lakuti, kodi chinthu chili kumanja kwa mpatacho chinalipo kale? Zokolola zija zinalipo kapena zikuyembekezeka pazokha, mvula ikungozikhudza: *affect*. Kusintha kwa ndondomeko kulibe, mphunzitsi wamkulu ndiye akubweretse: *effect*. Mwayi wake, mayina omwe amatsatira mneni *effect* ndi ochepa. Kawirikawiri mupeza *change*, *improvement*, *cure*, *transfer*, *payment* kapena *arrest*. Apolisi akagwira munthu, Chingerezi cha m'malipoti chimati *they effected an arrest*. Mukaona limodzi mwa mayinawa kumanja kwa mpata, imani kaye muganize kawiri.

*Affect* nayenso amakhala dzina m'mabuku a akatswiri a za maganizo a munthu, komwe amatanthauza mmene munthu akuonetsera zomwe akumva mumtima. Pa mafunso a kusekondale n'zokayikitsa kuti mukumana nalo, ndiye tingolisiya.

Palinso magulu a mawu omwe amayendera limodzi nthawi zonse, ndipo onse amatenga *effect*: *take effect*, *come into effect*, *with effect from*, *with immediate effect* ndi *side effects*. Ambiri mwa amenewa mumawamva pa wayilesi akamalengeza mitengo yatsopano ya mafuta a galimoto, kapena mumawawerenga pa kapepala ka m'bokosi la mankhwala. Awa ingowalowezani momwe alili.

Njira yomweyi pa *advice* ndi *advise*

Apanso funso ndi lomwe lija, dzina kapena mneni? *Advice* ndi dzina, malangizo. *Advise* ndi mneni, kulangiza. Awiriwa khutu limathandizako, chifukwa *advice* amathera ndi liwu la "s" pomwe *advise* amathera ndi liwu la "z". Pokumbukira kalembedwe, onani kuti m'kati mwa *advice* muli *ice*, madzi oundana, chomwe ndi chinthu, kotero ndi dzina.

*My uncle gave me good ______.* Mneni alipo, *gave*, ndipo *good* akudikira dzina: *advice*. Chenjerani ndi chinthu chimodzi: m'Chingerezi dzinali silichulukitsidwa. Ife timati "malangizo", mawu a zambiri, ndipo n'chifukwa chake ophunzira amalemba *advices*. Yankho limenelo likapezeka pa mndandanda, lidumpheni. Simunganenenso *an advice*. Mumati *a piece of advice*.

Ubwino wa awiriwa ndi wakuti amatsegula ena omwe khutu silingasiyanitse. *Practice* ndi *practise* amatchulidwa chimodzimodzi ndendende, chimodzimodzinso *licence* ndi *license*. M'Chingerezi cha ku Britain, chomwe sukulu zathu zimatsata, lamulo ndi limodzi: *c* ndi wa dzina, *s* ndi wa mneni. Mukakayika, chotsani liwulo muikepo *advice* kapena *advise*, mumve lomwe likukhala bwino pamalopo. Pa *You must ______ every day*, tinganene *you must advise* koma osati *you must advice*, ndiye pakufunika la *s*: *practise*. Pa *He lost his driving ______*, pakufunika dzina, layisensi, ndiye la *c*: *licence*.

Mwina mwaonapo foni kapena kompyuta ikuika mzere wofiira pansi pa *practise* ngati kuti mwalakwitsa. Zimatero ikakhala kuti yaikidwa pa Chingerezi cha ku America, komwe amalemba *practice* pa dzina ndi mneni yemwe, ndi *license* pa zonse ziwirinso. Pa mayeso athu tsatani kalembedwe ka ku Britain.

*Lose* ndi *loose* sativuta nthawi. *Lose* ndi mneni, kutaya kapena kugonja, ndipo amathera ndi liwu la "z". *Loose* kawirikawiri ndi mfotokozi wa chinthu chokhwepa kapena chosamangika, ndipo amathera ndi liwu la "s". Kumbukirani kuti *lose* anataya *o* mmodzi, pomwe *loose* ali ndi awiri, malo ambiri ogwederamo. *Our team will ______ the match* akufuna mneni, *lose*. *The screw is ______* akufuna mfotokozi, *loose*.

Pamene onse awiri ndi aneni

Njira yofunsa "dzina kapena mneni?" ili ndi pomwe imathera. *Borrow* ndi *lend* onse ndi aneni, ndiye funsolo silitithandiza. Pamenepanso kumasulira m'Chichewa, komwe kunatithandiza poyamba paja, kumatigwetsa. Ife timati "ndabwereka buku kwa mnzanga", komanso timati "ndibwereke cholembera chako" popempha mnzathu kuti atipatse. Mneni mmodzi akuyenda mbali zonse ziwiri, ndipo kuchokera pamenepo kumabadwa *borrow me your pen*, chiganizo chomwe chimamveka m'makalasi ambiri koma pa mayeso n'cholakwika.

Apa funsani za komwe chinthucho chikulowera. Ngati chikupita kwa mwininkhani, iye ndiye wolandira, mneni ndi *borrow*. Ngati chikuchoka kwa mwininkhani, iye ndiye wopereka, mneni ndi *lend*. Zizindikiro zili kumanja kwa mpata. *Borrow* amayenda ndi *from*, *lend* amayenda ndi *to*. Ndipo ngati mpata watsatidwa nthawi yomweyo ndi munthu wolandira, monga *me*, *him* kapena *us*, yankho ndi *lend*.

Yerekezani ziganizo ziwirizi, zomwe zikupempha chinthu chimodzi. *Can you ______ me your pen?* Mwininkhani ndi *you*, mwini cholembera, ndipo mpata watsatidwa ndi *me*: *lend*. *Can I ______ your pen?* Mwininkhani ndi *I*, wolandira: *borrow*. Pokumbukira, gwirizanitsani *b* wa *borrow* ndi *b* wa "bwera", popeza chinthucho chikubwera kwa inu. Nthawi yakale ya *lend* ndi *lent*, osati *lended*.

Ntchito

Lembani ziganizo izi m'makope mwanu. Musanalembe yankho, dulani mzere pansi pa mawu omwe akukuuzani chimene mpata ukufuna.

1. *Lack of sleep can ______ your performance.* Sankhani pakati pa *affect* ndi *effect*.
2. *The ban had little ______ on prices.* Sankhani pakati pa *affect* ndi *effect*.
3. *The doctors hope to ______ a cure.* Sankhani pakati pa *affect* ndi *effect*.
4. *The new fares come into ______ on Monday.* Sankhani pakati pa *affect* ndi *effect*.
5. *The choir needs more ______.* Sankhani pakati pa *practice* ndi *practise*.
6. *The bank refused to ______ him money.* Sankhani pakati pa *borrow* ndi *lend*.

Mukamaliza, dzichongereni. Loyamba ndi *affect*, chifukwa cha *can* ndiponso chifukwa kakhozedwe kanu kalipo kale, kusagona kukungokakhudza. Lachiwiri ndi *effect*: mneni *had* alipo, *little* akudikira dzina, ndipo *on* watsatira. Lachitatu ndi *effect* ngati mneni, poti kuchira kulibe ndipo madokotala akufuna kukubweretsa. Amene mwalemba *affect* apa bwererani ku chiganizo cha mphunzitsi wamkulu chija. Lachinayi ndi *effect*, limodzi mwa magulu a mawu oloweza aja. Lachisanu ndi *practice*, dzina, chifukwa tinganene *more advice* koma osati *more advise*. Lachisanu ndi chimodzi ndi *lend*, poti ndalama zikuchoka kubanki ndipo mpata watsatidwa ndi *him*.

Ngati mwakhoza funso koma simunadule mzere pansi pa mawu oyenera, liwerengeni ngati lolakwa ndipo mulichitenso. Pa phunziro lotsatira aliyense abwere ndi ziganizo zitatu zomwe wapeza m'nyuzipepala ya Chingerezi, chimodzi chokhala ndi *affect*, china *effect* ngati dzina, ndipo chachitatu, ngati mungachipeze, *effect* ngati mneni.